Misomali Inayi ya Pakhoma

Pakhoma la chipinda chochezera m'nyumba mwanga, kuno ku Maramba, pali misomali inayi imene alendo amaiyang'ana nadabwa, pakuti sipapachikidwa chithunzi, kalendala kapena chipewa. Ndipo ine, ndikakhala pansi madzulo, dzuwa litapendeka ndi nthunzi ya mathithi ikuoneka chapatali ngati utsi wa lupsa, ndimaiyang'ananso, koma ndi mtima wina, podziwa kuti ndinaikhoma mochedwa ndi mwezi wathunthu. Sinanditengere nthawi yoposa imene munthu amatha kumwa kapu ya tiyi. Koma mwezi umene unapita isanakhomedwe ndi umene ndakhala ndikuuwerenga chobwerera, tsiku ndi tsiku, monga achitira munthu amene wataya ndalama panjira, amene amabwerera m'mapazi ake maso ali pansi, ngakhale akudziwa kuti mphepo inapita nayo kale.

Mwana wa mlongo wanga anafika pa 20 Disembala kuchokera kwathu ku Katete, atachezera pa basi usiku ndi usana, kudzafuna ntchito m'mahotela a m'mbali mwa Zambezi. Ndipo popeza mlendo ndi mame, sitinaganize kawiri, tinampatsa chipinda chimene amagona mdzukulu wathu wa zaka zitatu pamodzi ndi mkulu wake, ana n'kuwayalira matiresi pansi m'chipinda chochezera. Neti inatsala m'chipinda muja, pamwamba pa bedi, chifukwa m'menemo ndimo munali pokolowekapo, ndiponso chifukwa tinati ulemu wa mlendo ukhale wokwanira. Usiku woyamba womwewo mnyamata uja anaimanga mfundo, naikankhira kudenga. Nditamfunsa m'mawa anaseka mwaulemu, nati, "Amalume, ine malungo anandizolowera, ndipo muno mukutentha ngati m'ng'anjo." Sindinalimbikire, pakuti munthu wandevu sumuuza kagonedwe. Chotero m'nyumba imene munali neti yabwino, yonyikidwa m'mankhwala, mlendo anagona kunja kwake mwa kufuna, ana nagona kunja kwake mosafunsidwa, ndipo ife akulu tinagona m'neti yathu ndi mtima wa anthu amene achita zonse zoyenera.

Pa 16 Januwale mwana wamng'ono uja anakana nsima, thupi litatentha, maso ali mbee. Agogo ake aakazi anakumbukira msanga kuti dzulo lake ananyowa ndi mvula posewera, ine ndinakumbukira mango osapsa amene ndinamuona akukukuta, ndipo tinampatsa panado, thupi linazizira, tinati basi chapita. Umu ndimo tinatayira tsiku limodzi ndi theka, pakuti panado amaziziritsa thupi koma sakhudza chimene chikulitenthetsa, monga munthu amene wathira madzi pa tsindwi moto uli m'kati mwa nyumba. Pofika kukiliniki mwana anali wofooka, akusanza; anambaya kachala, nadontheza magazi pa kathabwa koyezera, ndipo pasanathe mphindi makumi awiri mizere iwiri inaoneka. Pamene ndinayamba kufotokoza za mvula ndi mango, mayi amene anatiyeza anandidula mofatsa, nati, "Abambo, za dzulo zisiyeni, tandiuzani kumene mwanayu amagona masabata awiri apitawo, ndi amene amagona naye nyumba imodzi masabata anayi apitawo." Funso limenelo sindinaliyankhe pomwepo, koma ndilo landiphunzitsa zonse zimene ndikulemba pano.

Pakuti malungo sachokera m'mvula, m'mango kapena m'nzimbe, ngakhale makolo athu sanali opusa poziphatikiza, popeza zonsezi zimadza m'nyengo imodzi ndi udzudzu. Ndiponso, chimene ine sindinachimvetse kufikira imvi zitamera, udzudzu subadwa nawo malungo. Umabadwa woyera. Udzudzu waukazi wa mtundu wa anofelesi, pofuna magazi okhwimitsira mazira ake, umaluma munthu amene ali ndi tizilombo m'magazi, ndipo tizilomboto timakhala m'mimba mwake, tikuswana ndi kusandulika, kwa masiku khumi kapena khumi ndi anayi m'nyengo yotentha, kufikira titakwera kukafika m'malovu ake. Masiku amenewo asanakwane, ngakhale utaluma mwana, sungampatse kanthu. Atakwana, umaluma, nulavulira tizilombo m'thupi la mwana, ndipo ito sitiyamba ndi kutenthetsa thupi ayi, timathamangira kuchiwindi, kumene timabisala pafupifupi sabata yathunthu tikuchulukana mwakachetechete, mwana akusewera, akudya, akuseka. Pambuyo pake timasefukira m'magazi ndi kuyamba kuswa timbewu take tofiira, ndipo pamenepo mpamene thupi limatentha, mwana nanjenjemera, magazi nayamba kuchepa. Nditakhala pansi ndi kalendala, ndinapeza masiku akugwirizana mochititsa mantha: mlendo analumidwa m'masiku oyandikira Khirisimasi, udzudzu umenewo unakhwima nawo matenda chaka chatsopano chitangolowa, mwana analumidwa pa matiresi paja cha m'ma 4 Januwale, ndipo pa 16 anakana nsima.

Patapita masiku awiri anadza kunyumba mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu, monga achitira m'chigawo chino cha Kummwera munthu akapezeka ndi malungo, kudzayeza onse a m'nyumba ndi a nyumba zoyandikana, kufikira mtunda wa mamita 140. Ndipo mwa ife tonse, amene anapezeka ndi tizilombo anali mnyamata uja, wamphamvu zake, wosamva ngakhale mutu. Anagwa nkhope, ndipo ine ndinamva chisoni pomuona, chifukwa sananame pamene anati malungo anamzolowera. Munthu wokulira kumene malungo ali ochuluka, monga kwathu kummawa kapena ku Luapula, amene walumidwa chaka ndi chaka kuyambira ali kumsana, thupi lake limaphunzira kukhala nato tizilomboto osagwa nato. Amayenda nato, amakwera nato basi, nafika nato kumene ana sanakumanepo nato. Ndaganizapo nthawi zambiri ngati m'mtima mwanga ndinamuimba mlandu, ndipo ndiyenera kuvomera kuti usiku umodzi, nditakhala pambali pa mwana, ndinatero. Koma mlandu unali wotani? Iye anabwera ndi chimene sanachidziwe. Mwini nyumba ndinali ine, amene ndinaona mfundo ija m'mawa uliwonse osaimasula, ndikuyesa kuti neti ya munthu wamkulu ndi nkhani ya iye yekha, osazindikira kuti neti imatchinga mbali ziwiri, kuti udzudzu usapatse wogonamo ndiponso kuti usatenge kanthu kwa iye.

Ndiye panali dzenje. Mlangizi uja, atatha kutiyeza, anazungulira kuseri kwa nyumba, naima pa dzenje limene ndinakumba m'mwezi wa Okutobala poumba njerwa zowonjezera chipinda, limene mvula inalidzaza ndi madzi osafika ndi m'bondo momwe. Ine maso anga onse anali pa ngalande yonunkha ya kumsewu ndi pa udzu umene ndinkatchetcha Loweruka lililonse, ndikudziyesa munthu waukhondo. Koma iye anatunga madzi a m'dzenjemo ndi mbale yoyera, nandionetsa timphutsi tating'ono togona chopingasa pamwamba penipeni pa madzi, ngati tizitsotso toyandama. Amenewo, anatero, ndiwo ana a anofelesi. A udzudzu wina uja, wa m'ngalande ndi m'zimbudzi, amalendewera mutu pansi. Udzudzu umene umatisowetsa tulo ndi kulira kwake m'makutu, umene timauomba m'manja mokwiya, kawirikawiri ndi wa m'madzi oipawo, ndipo supereka malungo. Wa malungo amakonda madzi odikha, osanunkha, oombedwa ndi dzuwa, a m'mapazi a ng'ombe, m'mikwasa ya matayala, m'maenje a njerwa ndi m'timadziwe totsala m'mphepete mwa mtsinje wa Maramba madzi akaphwera, ndipo akatera pakhoma amaima chozondoka, mchira m'mwamba. Akulu anati chakudza sichiimba ng'oma. M'nyengo yotentha dzira limasanduka udzudzu wouluka m'masiku asanu ndi awiri kapena khumi. Motero chithaphwi chimene chimauma sabata isanathe sichibala kanthu, koma chimene chimagonera masabata, monga dzenje langa, ndi khola loweteramo. Ndinalikwirira tsiku lomwelo ndi mawilibala asanu ndi limodzi a dothi ndi zidutswa za njerwa zomwezo.

Sindingathe kulingalira zimenezi osakumbukira manda a ku Old Drift, m'mphepete mwa Zambezi kumtunda kwa mathithi, m'kati mwa nkhalango ya Mosi-oa-Tunya, kumene ndinapitako kamodzi ndi ana a sukulu. Pamenepo ndipo panali mudzi woyamba wa azungu, pa dooko limene ankaolokerapo mlatho usanamangidwe, ndipo malungo, makamaka aja a mkodzo wakuda, anawatha kotero kuti pofika 1905, chaka chimene mlatho unatha, tauni inakhazikidwa kuno kumtunda, pa mchenga, kutali ndi madambo. Mwini dzina la tauni ino, David Livingstone, amene anaona mathithi mu 1855, ankayenda ndi kwinini kulikonse, koma anthu a m'masiku ake ankati nthendayi imadza ndi mpweya woipa wa m'madambo, ndipo mkazi wake Mary anafa nayo ku Shupanga, kumunsi kwa Zambezi yemweyu, mu 1862, zaka makumi atatu ndi zisanu Ronald Ross asanapeze tizilomboto m'mimba mwa udzudzu ku India mu 1897. Iwo aja anafa asanaone njira ya mdani wawo. Ine ndinakulira m'masiku amene njirayo imaphunzitsidwa m'sukulu ndi pa wailesi, m'tauni imene inasamuka yonse kuthawa udzudzu, ndipo ndinaukumbira chitsime kuseri kwa nyumba yanga. Ndikhulupirira kuti chinatigonetsa tulo ndi mtendere womwe: malungo atachepa kuno m'zaka zapitazi, mwana akatentha thupi tinayamba kuganiza za chimfine ndi mano, ndipo neti inasanduka chinthu cha m'nyengo imene udzudzu ukuvutitsa, osati cha usiku uliwonse.

Za neti ndaphunzira kuti kukhala nayo ndi kugonamo ndi zinthu ziwiri zotalikirana, ndipo pakati pake pali tinthu tating'ono timene munthu amachita manyazi kutitchula. Iyenera kupisidwa pansi pa matiresi kapena mphasa mbali zonse, pakuti udzudzu ukaletsedwa pamwamba umatsika kufunafuna mpata. Iyenera kukhala yotakasuka, chifukwa mwana wogona chogubuduka amagunda neti ndi mkono kapena bondo, udzudzu n'kumuluma uli kunja. Ndipo kabowo kolowa chala kasokedwe tsiku lomwe kaoneka. Neti yatsopano imayanikidwa pamthunzi tsiku limodzi isanagonedwemo, kuti ukali wa mankhwala usayabwe pakhope, ndipo kuyabwa kumeneko ndiko kwachititsa mabanja ambiri kuipinda ndi kuiika m'sutikesi. Ikada imachapidwa mofatsa ndi sopo wamba m'madzi ozizira, mwa apo ndi apo, niyanikidwa pamthunzi, pakuti dzuwa ndi sopo waukali zimatha mankhwala amene amapha udzudzu wotera pamenepo. Ndipo ngakhale yosamalidwa bwino, ikatha zaka zitatu mphamvu yake yafika kumapeto. Koma chimene chinatigwetsa ife si china mwa izi. Chinali chakuti mwana anasamuka, neti osasamuka naye. Ndipo ndikayang'ana m'mabanja a anansi anga ndimaona kuti ana ndiwo amasamutsidwa nthawi zonse, kukabwera alendo, kukagwa maliro, patchuthi kwa agogo kumudzi, pa chinkhoswe ndi pa ukwati, ndipo masiku amenewo, amene nyumba imadzaza ndi anthu ochokera kutali, ndiwo masiku amene mwana amagona pambalambanda.

Sindinena kuti neti imatha zonse, pakuti ndikadanena chotero ndikadanama. Udzudzu wa malungo wa kuno kummwera suli wa m'nyumba mokha. Umaluma ng'ombe, umalumanso anthu panja, ndipo ngakhale ukali wake uli pakati pa usiku, suyembekeza kuti aliyense alowe m'neti. M'miyezi yotentha, pamene nyumba ya malata imasanduka uvuni ndipo banja lonse limakhala pakhonde kufikira usiku, mwana amagona pamiyendo pa agogo ake miyendo ili pamtunda, ndipo maora amenewo palibe chomutchinga. Tsopano ife timadyetsa ana msanga, ndi kuwalowetsa m'neti mdima ukangogwira, ngakhale akulira kuti anzawo akadali panja. Akakhala kunja amavala zofika m'mapazi ndi m'manja. Mpata umene unali pakati pa khoma ndi malata, umene ndinkauyesa wolowetsa mphepo, ndinautseka ndi njerwa ndi matope, popeza udzudzu umatsata fungo la anthu ogona ndi kukwera khoma kufikira utapeza polowera pamenepo, ndipo m'mazenera ndinakhoma sefa wa waya kuti mphepo ipite koma iwo utsale. Opopera mankhwala m'makoma akadza mvula isanayambe, sitikhomanso chitseko ndi kunamizira ulendo chifukwa cha ulesi wotulutsa katundu. Timatulutsa, timadikira panja maora awiri, timasesa tizilombo takufa ndi kutikwirira kuti nkhuku zisadye, ndipo khomalo sitilizira kapena kulipaka laimu kufikira dzinja litatha, chifukwa mankhwalawo ntchito yake ndi kupha udzudzu umene wakhuta magazi nutera pakhoma kupuma, usanakwanitse masiku ake khumi aja.

Mwana anachira, ndipo ndiyenera kunena mmene anachirira, chifukwa pamenepanso tinatsala pang'ono kulakwa. Anamuyeza pa sikelo, napezeka ndi makilogalamu 13, ndipo anampatsa Kowatemu wa ana osafika makilogalamu 15, piritsi limodzi nthawi iliyonse, kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu: loyamba anamwera kukiliniki komweko cha m'ma 10 koloko m'mawa, lachiwiri patapita maora asanu ndi atatu, ndipo otsalawo m'mawa ndi madzulo kwa masiku awiri. Anatiuza kuti azimwera mkaka kapena phala lothira nsinjiro, popeza mankhwalawa amalowa bwino m'thupi ndi chakudya chamafuta, ndi kuti akasanza atangomwa tibwerere kukatenga lina lolowa m'malo. Tsiku lachiwiri madzulo mwana anadzuka, napempha nsima, nathamangitsa nkhuku pabwalo, ndipo agogo ake, ndi mtima wabwino wa munthu amene anaona masiku a kusowa, anati, "Abambo, awiri otsalawa tisunge, mwina mkulu wakeyu angadzadwale usiku." Ndinatsala pang'ono kuvomera. Koma mapiritsi otsirizawo ndiwo amasesa tizilombo totsalira, timene tikasiyidwa timadzukanso patapita masabata, ndipo mwana wochira mwatheka amakhala iye mwini chitsime chimene udzudzu wina udzatungapo. Anamwa onse. Mnyamata uja nayenso anamwa ake, anayi nthawi iliyonse monga munthu wamkulu, ngakhale sankamva kupweteka paliponse, ndipo usiku umenewo anamasula mfundo ija ndi manja ake.

Chimene chimandidzutsa usiku nthawi zina ndi tsiku limodzi ndi theka lija la panado, pakuti mayi wa kukiliniki anandiuza mosabisa kuti mwa mwana wosafika zaka zisanu malungo angasanduke aakulu m'tsiku limodzi, ndi kuti thupi likatentha mwana ayezedwe tsiku lisanathe, osayembekeza kuona ngati kutenthako kubwerera. Anandiwerengera zizindikiro zimene munthu sayembekezera nazo kucha, ndipo ndinazisunga monga munthu asunga mawu a pa chilangizo: mwana akakana kuyamwa kapena kumwa, akasanza chilichonse cholowa m'kamwa, akakomoka kapena kuuma thupi ndi kutembenuza maso, akagona tulo tosadzutsika, akapuma mobanika, zikhatho ndi m'zikope zikayera, mkodzo ukada ngati tiyi. Wathu anali atafika pa kusanza. Ndimadzifunsa kuti tikadagona usiku wina umodzi tikudalira panado, kodi ndikadakhala ndikulemba nkhani yotani, ndipo funsolo sindilitsata kufikira kumapeto kwake.

Mnyamata uja anapeza ntchito, ndipo tsopano ali ndi chipinda chake ku Libuyu, kumene ndinakamukhomera ndekha pokoloweka neti tsiku limene anasamuka. Mwezi wathawu kunabwera achemwali a mayi a kunyumba kuno kuchokera ku Petauke, ndi ana awiri, kudzakhala masabata atatu. Ndipo nkhuku isanagwidwe, madzi osamba asanatenthe, ndinatulutsa neti yachitatu m'sutikesi, imene tinagula kaamba ka masiku otere, ndi kuikoloweka pa misomali inayi ija. Alamu anga anayang'ana, nati, "Kodi alamu, mwationa kuti tabwera ndi matenda?" Ndinawapempha akhale pansi, ndipo pamene tiyi anali kuwira ndinatenga kalendala yakale ija, imene sindinaitaye, ndi kuyamba kuwaonetsa kuchokera pa 20 Disembala, mdzukulu wanga ali chogwada pa matiresi, akupisira neti pansi ndi timanja take mbali imene ine ndinaisiya.